Ngati munamunyoza pagulu, kupepesa kuseri kokha sikukwanira

Ndikunena izi chifukwa zinandichitikira, ndipo wolakwa ndinali ine.

Unali msonkhano wa Lolemba m'mawa, tilipo anthu 9 kuphatikizapo abwana. Lipoti la kumapeto kwa mwezi linali litachedwa. Abwana atafunsa chifukwa chake, bambo amene ndimagwira nawo ntchito limodzi anati ankadikira manambala ochokera kwa ine. Mtima unandipsa. Ndinawauza pamaso pa onse kuti ndi abodza, ndi aulesi, ntchito yawo timawagwirira ndife. Nawonso anabweza moto. Kenako m'chipinda monse munangoti zii. Bambowo anatseka kope lawo pang'onopang'ono, manja akunjenjemera, ndipo mtsikana amene anali atangoyamba kumene ntchito anangozolika.

Pamkangano wotere pamakhala milandu iwiri. Wina ndi wa ntchito: manambala anachedwera kwa ndani? Winawo ndi wa ulemu wa munthu umene mwauponda anthu akuona. Ambirife timaiphatikiza, n'kumati, "Pepani, koma nanunso munandiputa." Mawu akuti "koma" amenewo amafufuta pepani yense, ndipo mnzanuyo amangomva kuti mwabwera kudzapitiriza ndewu ndi mawu otsika.

Tsiku lomwelo sindinapite kwa bambowo, chifukwa tonse tinali tisanazizire. Komanso sindinalole kuti sabata ithe, poti anthu anali atayamba kale kugawikana, ena kubwera kudzandinong'oneza kuti ndachita bwino kuwauza. Anthu amenewa ndi oopsa. Amakukoma m'khutu, koma ntchito yawo ndi kusonkhezera moto, ndipo chilichonse chimene muwayankhe chikafika kwa mnzanu chitathiridwa mchere.

Lachiwiri m'mawa ndinawapempha kuti tilankhule awiri. Ndinati: "Bambo, dzulo ndinakunenani kuti ndinu abodza ndi aulesi. Sizoona, ndipo ndinakuchititsani manyazi pamaso pa anzathu. Ndikhululukireni." Ndinatchula mawu enieniwo dala. Munthu akamati "pepani ngati ndinakukhumudwitsani" ndiye kuti sakuvomereza kalikonse. Iwo anangoti, "Ndamva." Sanamwetulire, sanandipatse dzanja, ndipo sindinawakakamize. Za manambala tinakambirana tsiku lina, ndipo zinapezeka kuti ndinawatumizadi Lachisanu madzulo, koma osakwanira.

Apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi anthu ambiri. Amati nkhani ikatha pa awiri yatha, kuibweretsanso pagulu n'kutokosa chilonda. Ine ndikukana. Anthu 7 aja anandimva ndikunena kuti bambowa ndi abodza, koma sanandimve ndikubweza mawuwo. M'mitu mwawo, ndi m'mutu mwa abwana amene amalemba za kagwiridwe kathu ka ntchito, dzina loipalo linali likadalipo. Amene akanatha kulichotsa ndi ine ndekha amene ndinaliika.

Komabe ndinayamba ndawafunsa eniake ngati angalole, chifukwa pali anthu ena amene kupepesedwa pagulu kumawachititsa manyazi kachiwiri. Anavomera, bola zikhale zachidule. Lolemba lotsatira, msonkhano usanalowe m'nkhani zake, ndinati: "Zimene ndinawanenera bambowa sabata yatha sizoona. Manambala anachedwera kwa ine. Ndawapepesa, ndipo ndikupepesanso nonsenu." Basi. Ukatalikitsa, nkhani imasanduka ya iwe ndi kudzichepetsa kwako, ndiponso mnzako amakakamizika kukukhululukira anthu akuyang'ana, mtima usanafune.

Moni anabwerera msanga, koma moni asakupusitseni. Kwa milungu ingapo, chilichonse chimene ankafuna kwa ine ankachilemba pa imelo, n'kuikapo abwana kuti aziona, ngakhale kuti matebulo athu ndi oyandikana. Zinkandiwawa, koma ndinamvetsa. Munthu amene watchedwa wabodza pagulu amafuna umboni wa chilichonse. Sindinadandaule. Ndikalonjeza manambala Lachinayi, ndinkatumiza Lachinayi, okwanira. Ndikaona cholakwika pa ntchito yawo, ndinkapita kukawauza pa awiri msonkhano usanachitike, kuti asadzachimvere koyamba pagulu. Anthu onong'oneza aja akayamba kuwanena, ndinkasintha nkhani kapena kuchokapo.

Patatha pafupifupi miyezi itatu, madzulo ena tikuweruka, bambo aja anakoka mpando n'kukhala pafupi nane. Anati asokoneza mawerengero pa lipoti lomwe linali litapita kale kwa abwana, ndipo sakudziwa poyambira. Munthu amene ndinamuyalutsa uja ankandionetsa yekha pamene walakwitsa, wina aliyense asanadziwe. Tinakhala mpaka kunja kutada tikukonza, ndipo m'mawa mwake iwo eni anakawafotokozera abwana.