Mawu otsatira run ndi amene amakuuzani tanthauzo

"Ukapeza run mudikishonale, tenga tanthauzo loyamba chifukwa ndilo lodziwika kwambiri."

Amtolankhani amene mwanena mawu awa, apa ndakana ndithu. Mwana wanga ali fomu 2 kuno ku Mbare, tsiku lina anabwera ndi chiganizo chakuti "my aunt runs a tuckshop" iye nkumasulira kuti azakhali akuthamanga ndi shopu, chifukwa anatenga tanthauzo la nambala 1 lija mudikishonale. Ndinamuuza kuti usayambe ndi dikishonale, yamba wayang'ana mawu amene ali pambuyo pa run. Ngati palibe kanthu ndipo wochitayo ndi munthu, ndiye kuthamanga kumene. Koma pakabwera chinthu ngati shopu kapena sukulu ndiye kuti akuyendetsa. Pakabwera timawu tating'ono ngati out of, basi zasinthiratu, nthawi zambiri ndi kutha kwa chinthu, ngati shuga watha mnyumba, ndipo zimenezi madikishonale ambiri amaziika kumunsi kwenikweni osati pa manambala oyamba.

Komanso anzanga musadabwe ndi kuchuluka kwake, mawu akale ogwiritsidwa ntchito tsiku lililonse amamera nthambi. Ifenso timati kudya nsima, kudya ndalama za mpingo, nsapato yadya chidendene, ndipo palibe amasokonezeka chifukwa chinthu chodyedwacho chimatiuza kale. Pano mwanayo amawerenga kaye zitsanzo zonse zili pansi pa nambala iliyonse mpaka apeze chofanana ndi chiganizo chake.