Malipiro akachedwa, tiuzeni tsiku osati "posachedwapa"

Mwezi ukatha ndalama osalowa, m'makampani ambiri kuno ku Tete mumamatidwa kapepala pa chitseko cha ofesi, kapena kamatumizidwa pa gulu la WhatsApp madzulo mabwana atathawa kale. Mawu ake amakhala amodzimodzi, kaya ndi ku Moatize kaya ndi ku Ulongwe: "Tikudziwitsa antchito onse kuti pa zifukwa zomwe sitingathe kuziletsa, malipiro a mwezi uno achedwa pang'ono. Alipiridwa posachedwapa. Tikupempha kumvetsa kwanu. Akuluakulu a kampani."

Ine kapepala kotere ndimakaona ngati chipongwe, ngakhale wolembayo sanafune kunyoza munthu. Wantchito sangapite nako kulikonse. Mwini nyumba akabwera kudzafunsa renda, simungamuuze kuti "posachedwapa". Anzanu a chipereganyu akudikira gawo lanu, magetsi a Credelec atsala pang'ono kuthima, ndipo amayi a pa okala adalemba kale dzina lanu m'kope la ngongole. Onsewa funso lawo ndi limodzi: liti? Kapepala kakapanda kuyankha funsoli, anthu amadziyankha okha, ndipo pofika mawa lake mbiri yafika kale ku msika kuti kampani yagwa.

Mlongo wanga amasunga mabuku a ndalama pa kampani ina ya malole yonyamula katundu pa msewu wa ku Zobwe, ndipo ntchito yolemba chidziwitso chotere idamugwera iye. Tidakhala pansi kukonza, ndipo nthawi yambiri idathera pa kupeza tsiku, osati pa kusankha mawu okoma. Manambala awo enieni sindiwaika pano, tiyerekeze ndi ena osavuta.

Tinene kuti antchito alipo 40, malipiro awo onse pamodzi ndi 600,000 metikali, ndipo amayenera kulandira Lolemba pa 30 Juni. Ku banki kuli 250,000 yokha. Kasitomala wamkulu ali ndi ngongole ya 900,000 ndipo walonjeza kulipira Lolemba pa 7 Julayi. Bwana wopupuluma amalengeza kuti malipiro ndi pa 7. Apa ndiye pamene makampani amadzikola okha. Pa 7 ndi tsiku lomwe kasitomala wanena kuti atumiza, osati lomwe ndalama zioneke. Ngati iye ali ku banki ina, zimatha kutenga tsiku kapena awiri kuti zilowe. Zikalowa, pamafunikanso kuti mndandanda wa malipiro usainidwe ndi kutumizidwa, kenako antchito omwe ali ndi maakaunti ku mabanki ena adikirenso. Ndiye tsiku lolonjeza ndi Lachisanu pa 11. Zikafika Lachitatu palibe amene akwiye. Koma mukanena pa 7 n'kulipira pa 9, mwasanduka abodza kawiri m'mwezi umodzi, ndipo chidziwitso chanu chachitatu palibe adzachiwerenge.

Nanga 250,000 ija ingokhala? Ayi, igawidwe msanga. Pano ndidatsutsana ndi mlongo wangayo. Iye ankafuna kupatsa aliyense magawo 40 pa 100 a malipiro ake, poti ndi momwe amawerengera m'maofesi. Ine ndidati aliyense alandire 6,000 mofanana. Njira zonse ziwiri zimadya 240,000, koma taonani mlonda wolandira 9,000. Pa njira yoyamba apita kunyumba ndi 3,600, pa yachiwiri ndi 6,000. Mkulu wa mu ofesi wolandira 40,000 angadandaule kuti zamuchepera, koma thumba la ufa mtengo wake ndi umodzi kwa onse, ndipo amene amagona ndi njala malipiro akachedwa si iyeyo.

Chidziwitso chidatuluka motere:

"Kwa antchito anzathu nonse. Malipiro a Juni, omwe mumayenera kulandira Lolemba pa 30 Juni, achedwa. Tikupepesa, ndipo tikudziwa kuti izi zikusokonezani pa renda, ngongole ndi chakudya cha pakhomo. Chifukwa chake n'chakuti kasitomala wathu wamkulu sanatilipire pa nthawi yomwe tidagwirizana, ndipo ndalama zomwe tili nazo sizikwanira kulipira nonse mokwana. Lachitatu pa 2 Julayi aliyense alandira 6,000 metikali. Zotsala zonse mulandira pofika Lachisanu pa 11 Julayi. Ndalama zanu sizidulidwa chifukwa cha kuchedwaku, ndipo palibe amene akuchotsedwa ntchito pa nkhaniyi. Lachiwiri pa 8 Julayi nthawi ya 10 koloko m'mawa tidzakuuzani pomwe zinthu zafika, kaya zayenda bwino kaya ayi. Amene akufuna kalata yokaonetsa kwa mwini nyumba, ku sukulu kapena ku banki, abwere ku ofesi ndipo ailandira tsiku lomwelo. Amene ali ndi matenda kapena maliro aonane nane mwachindunji."

Pansi pake padalembedwa dzina la mkulu wa kampani ndi siginecha yake. Izi ndimaumirirapo. "Akuluakulu a kampani" si munthu, simungamuimitse pa geti n'kumufunsa. Wolonjeza tsiku aziika dzina lake.

Ena anena kuti kuulula kuti ndalama sizikukwanira kuopseza antchito. Abale, madalaivala ndi amene amanyamula katundu wa kasitomalayo, amakaniko akuona kuti matayala sakugulidwa. Akudziwa kale. Chomwe chimawaopsa ndi bwana wonamizira "netiweki ya banki", pamene mnzawo wa kampani yoyandikana walandira kudzera ku banki yomweyo m'mawa womwewo. Komabe kunena zoona sikutanthauza kukhuthula zonse. Dzina la kasitomala silifunika, kuchuluka kwa ngongole yake sikufunika. Chiganizo chimodzi chofotokoza chifukwa n'chokwanira, ndipo vutolo likhale la kampani, osati kuyamba kulira kuti antchito akumvereni chisoni.

Mawu olimbitsa mtima nawonso ali ndi malire. "Palibe amene akuchotsedwa ntchito" mulembe pokhapokha ngati zili choncho. Ngati mabwana akukambirana zochepetsa anthu, chiganizocho chichotseni, musachikometse. Chimodzimodzi nkhani ya INSS, bungwe la boma losunga ndalama za penshoni ya antchito. Wantchito amadulidwa magawo 3 pa 100, kampani imaonjezera 4, ndipo anthu amafunsa ngati ndalamazo zikupitadi. Ngati mwapereka, nenani. Ngati simunapereke, musalembe kuti zonse zili bwino, chifukwa tsiku lina munthu adzakafunsa yekha ku ofesi yawo. Ndipo chidziwitso chokoma sichifafaniza udindo. Malamulo a ntchito, omwe panopa ndi Lamulo 13/2023, amafuna kuti wolemba ntchito alipire pa nthawi yake, ndipo wantchito ali ndi ufulu wokadandaula kwa oyang'anira za ntchito. Choncho mawu oopseza monga "aliyense wokamba izi panja alangidwa" asapezekemo.

Nthawi yotulutsira nayo ndi nkhani. Wosunga mabuku amadziwa masiku angapo mwezi usanathe kuti ndalama sizikwana. Chidziwitso chituluke pamenepo, Lachinayi kapena Lachisanu tsiku lolipira lisanafike, munthu asanakatenge katundu pa ngongole podalira Lolemba. Ndipo chisangokhala cha Chipwitikizi chomata pa khoma. Alonda a usiku ndi madalaivala omwe ali pa malire sachiona. Mkulu ajambule mawu ake pa foni m'chilankhulo chomwe anthu ake amamva, atchule madeti awiri olipira aja pang'onopang'ono, atumize pa gulu. Omwe amalandira pa M-Pesa kapena e-Mola auzidwenso ngati ndalama yochotsera ili pa iwo kapena pa kampani, poti ulendo uno achotsa kawiri.