N ameneyo musamutchule, chonde

Dzulo mwana wa mchemwali wanga, wa Fomu 2, amandiwerengera homuweki yake ya Chifalansa. Atafika pa mawu oti pain, kutanthauza buledi, anati "payini". Ndinati bwereza. "Payini, malume, ndi mmene timatchulira m'kalasi." Mtima unandiwawa, anthuni. Kalasi yonse, zaka ziwiri, payini!

N wa mu pain satchulidwa. Sa-tchu-li-dwa. Ntchito yake ndi kukuuza kuti lembo la liwu lomwe lili patsogolo pake lidutse m'mphuno, basi. Lilime lako likagunda kuseri kwa mano a m'mwamba pomaliza bon, dziwa kuti waphonya. Lilime ligone pansi, mpweya utuluke pakamwa ndi m'mphuno nthawi imodzi.

Ndikudziwa, Chichewa chinatizoloweza kutchula n wa mu nyanja ndi kutseka mawu aliwonse ndi lembo la liwu. Nanga ndiye tizingokhala choncho?

Tengani vont, vent ndi vin: akupita, mphepo, vinyo. Palibe n womveka, t nayenso ali chete. Chowasiyanitsa ndi kamwa. Pa on milomo imasongoka ngati ukuuzira moto. Pa en chibwano chimatsika, kamwa yasaa. Pa in milomo imatambasukira m'mbali, ndipo liwu lake silifanana ndi i wathu ngakhale pang'ono, lili pafupi ndi e wotuluka m'mphuno. Ukamakakamira n uja, khutu lako silidzaphunzira kusiyanitsa atatuwa, chifukwa limadikira n m'malo momvera liwu.

Ndiye pali ena amati kalembedwe ka Chifalansa n'kamisala. Ayi, n'kuwerenga lembo lililonse kumene kukukupusitsani. Mu enfant, en ndi an ndi liwu limodzi. Vin, pain, plein, faim, onsewa amathera liwu limodzi lomwelo. Patsogolo pa b kapena p amalemba m, monga temps, simple, nombre, ndipo m ameneyonso milomo siyenera kumutsekera.

Mufuna kumumva n? Dikirani atsatidwe ndi lembo la liwu. Bon alibe n womveka, bonne ali naye, ndipo liwu la m'mphuno lija latha. Chimodzimodzi plein ndi pleine. Ndiye mwana wotchula n paliponse akafuna kunena bon, Mfalansa amamva bonne, mawu achimuna asanduka achikazi. Chimenechi si chibwana.

Kuwongola mtengo mpoyamba. Mwanayu ndakhala naye ola lathunthu, chala pa chibwano, koma lilime likungothamangira ku mano, chizolowezi chalowa kale.

Ndipo inu owerenga nkhani pa wailesi, Macron si Makroni, Lyon si Liyoni. Ku Dzaleka kuli anthu a ku Congo ndi Burundi olankhula Chifalansa, kungowafunsa kokha kukuvutani?