Lekani kuwombera m'manja lipoti la oditi lomwe simunaliwerenge

Loweruka lapitali ndinali pamsonkhano wapachaka wa kopaletivi ina ya alimi, ndipo zimene ndinaona kumeneko zikundiwawabe mumtima. Wapampando atalengeza kuti odita wapereka ganizo la kwolifayidi pa mabuku a chuma, holo yonse inawomba m'manja, amayi n'kuimba nthungululu, ngati kuti timu ya mpira yakwolifaya kupita m'ndime yotsatira. Anthu aimvi zawo, ena mwa iwo aphunzitsi opuma pantchito, kululutira chilema?

Ganizo loyera ndi la ankwolifayidi, limene limanena kuti mabuku akusonyeza chithunzi choona cha chuma cha bungwe. La kwolifayidi limabwera ndi mawu akuti "kupatulapo", ndipo pamenepo ndi pamene pagona nkhani. M'ndime yofotokoza maziko a ganizolo, odita analemba kuti mabuku akusonyeza feteleza wa K38 miliyoni m'nyumba yosungiramo katundu, koma iye sanaitanidwe kudzaonerera kuwerenga kwa matumba patsiku lotseka chaka, komanso makadi olembapo katundu wolowa ndi wotuluka sanapezeke. Choncho wavomereza zina zonse kupatulapo fetelezayo. Ndani anafunsa kumene makadiwo anapita? Ndani anaona kuti ngati theka la matumbawo kulibe, ndiye kuti K19 miliyoni ichoke pa phindu limene munagawana tsiku lomwelo? Maso onse anali pa mpunga ndi alawansi.

Chizolowezi chimenechi chidzakupwetekani. Tsiku lina adzakuwerengerani ganizo la adivesi, limene limatanthauza kuti odita waupeza umboni ndipo waona kuti zolakwika n'zazikulu komanso zafalikira m'mabuku monse, moti sangadaliridwe, inu n'kuvomera ndi mutu chifukwa wapampando waliwerenga mofatsa. Nanga la disikilema, limene ena ndawamva akuti ndi labwinoko poti odita sananene choipa chilichonse? Sananene kanthu chifukwa umboni unasowa pa zinthu zambiri zikuluzikulu, mpaka anakana kupereka ganizo lililonse. Kodi munthu amene mwamulipira kuti akuuzeni za ndalama zanu akabweza mawu kuti sanathe kuona kanthu, imeneyo ndi nkhani yopita nayo kunyumba mukuseka?

Ngakhale ganizo loyeralo musaliyese chikalata chotsimikizira kuti palibe wakuba kapena kuti bungwe likupindula, pakuti odita sayang'ana lisiti lililonse koma amasankhapo ena, ndipo bungwe lomira m'ngongole likhoza kulandira ganizo loyera bola ngongolezo zalembedwa moona. Pansi pake pamatha kukhala ndime yochenjeza kuti pali chikayiko chachikulu ngati bungwelo lingapitirire kugwira ntchito. Imeneyonso mumailumpha.

Matumba a feteleza aja ndi anu, ndipo mpaka lero palibe amene wapempha makiyi kuti akawawerenge. Manyazi bwanji!