Chiganizo chokhala ndi zoona ndi zonama limodzi, mwana achonge chiyani?

Lachinayi madzulo mwana wa mlongo wanga, yemwe ali Fomu 2 pasukulu ina konkuno ku Salima, anandipeza pakhonde atapinda pepala lake la mayeso kanayi, nkhope ili ndwii. Anati, "A malume, aphunzitsi andithetha pafunso limene ndikulidziwa." Linali funso la zoona kapena zonama, ndipo m'chinenero chathu linkati: Malawi analandira ufulu wodzilamulira mu 1964 ndipo Dokotala Kamuzu Banda anakhala pulezidenti chaka chomwecho. Iye anachonga kuti zoona. Nditamufunsa chifukwa chake, anandiyankha mosataya nthawi kuti 6 Julaye 1964 amaidziwa ngati dzina lake, ndipo palibe mwana wa m'dziko muno amene sadziwa kuti Kamuzu anali pulezidenti woyamba.

Zonse ziwirizo ananena zoona, komabe mphunzitsi wake sanalakwitse pomuthetha. Mu 1964 Kamuzu anali nduna yaikulu. Mtsogoleri wa dziko pamalamulo anali akadali Mfumukazi Elizabeti, ndipo kuno ankaimiridwa ndi bwanamkubwa Glyn Jones. Upulezidenti unadza pa 6 Julaye 1966, dziko litasanduka lipabuliki. Chiganizo chonse chija chinagwera pamawu awiri okha, akuti "chaka chomwecho", ndipo ndi mawu amene mwanayo anangowadumpha chifukwa maso ake anali atakhuta kale ndi zimene ankazidziwa.

Ndakhala ndikuchonga mayeso a ana kwa zaka zambiri, ndipo maganizo anga pankhaniyi sagwedezeka. Pafunso la zoona kapena zonama, chiganizo chimene chili ndi mbali imodzi yonama ndi chonama chonse. Palibe theka la malikisi, palibe zoti mbali yaikulu inali yoona. Ana ambiri amayeza chiganizo ngati akuyeza mpunga pasikelo, kuti mbali yoona ikalemera kuposa yonama ndiye kuti achonge zoona. Sikelo imeneyo ndiyo imawagwetsa. Ukanena kuti zoona, ndiye kuti wavomera mawu aliwonse a m'chiganizocho, kuyambira loyamba mpaka lomaliza, ngati mboni imene yasayina pansi pa chikalata. Nsomba ikaola imodzi zaola zonse, ndipo pano mwambiwu ukugwira ntchito ndendende.

Choncho ndinamuuza kuti atenge pensulo adule chiganizocho pamene pali "ndipo". Panatuluka ziganizo ziwiri. Choyamba tinachiika chongi. Chachiwiri ndinamuuza achiwerenge chokha, ngati kuti choyamba kulibe: Kamuzu anakhala pulezidenti mu 1964. Atachimva chili chokhachokha anayamba kukayika yekha ndisananene kanthu. Mbali yonama imabisala kumbuyo kwa yoona, ndipo wolemba funso kawirikawiri amaika yoonayo patsogolo kuti mwana ayambe kugwedeza mutu asanafike kumapeto.

Pali timawu tina timene timasintha chiganizo popanda kuchita phokoso: onse, okha, mokha, nthawi zonse, palibe. Tengani chiganizo chakuti udzudzu umafalitsa malungo. Aliyense avomera. Muikemo mawu amodzi, chikhale chakuti udzudzu wonse umafalitsa malungo, chagwa, pakuti wofalitsa malungo ndi udzudzu waukazi wa mtundu wa anofelesi, ndipo waumuna suluma n'komwe munthu. Kapena ichi: chambo chimapezeka m'nyanja ya Malawi mokha. Mwana wa ku Senga Bay amene wakula akuona chambo chikutsitsidwa m'bwato m'mawa uliwonse amafuna kuchonga zoona ndi mtima wonse, koma chambo chilinso m'nyanja ya Malombe ndi mu Shire wa kumtunda. Chiganizo chokhala ndi "onse" kapena "mokha" chimalonjeza zambiri, ndiye kuti uchigwetse sufunika zitsanzo khumi. Chimodzi chokha chotsutsa chakwana. Ntchito ya mwana akaona mawu amenewa ndi kuima n'kufunafuna chitsanzo chimodzicho.

Mawu monga "ena", "nthawi zina" ndi "akhoza" amagwira ntchito mwa njira inayo. Amalonjeza zochepa, ndiye chitsanzo chimodzi chovomereza chimakwana kuti chiganizo chiime. Udzudzu wina umafalitsa malungo: zoona, ngakhale mitundu yambiri ya udzudzu sifalitsa.

Tsono apa ndi pamene ndimasiyana ndi anzanga ena a ntchito, ndipo ndinena mosabisa. Alipo amene amaphunzitsa ana kuti ukangoona "onse" kapena "okha" chonga zonama, ukaona "ena" chonga zoona, osavutika ndi kuganiza. Njira yachiduleyi imandiwawa, chifukwa imaphunzitsa mwana kuwerenga khalidwe la wolemba funso m'malo mowerenga funsolo. Ndiponso imagwetsa. Shire ndi mtsinje wokhawo umene umatulutsa madzi m'nyanja ya Malawi. Mawu akuti "wokhawo" alimo, koma chiganizocho ndi choona kotheratu. Linthipe, Bua, Dwangwa ndi ina yonse imathira madzi m'nyanja, wotulutsa ndi Shire yekha, ku Mangochi. Mwana wa njira yachidule ataya malikisi pamenepo. Ndiye sinthani pang'ono: madzi onse ochoka m'nyanja ya Malawi amadzera mu Shire. Zikumveka ngati zomwezija, koma izi ndi zonama, chifukwa madzi ochuluka kwambiri amachoka m'nyanjamo ngati nthunzi, dzuwa ndi mphepo zikamawaumitsa, ndipo odzera mu Shire ndi gawo lochepa. Ziganizo ziwirizi zikufanana ngati mapasa, ndipo chimene chikuzisiyanitsa ndi chakuti choyamba chikunena za mitsinje pamene chachiwiri chikunena za madzi. Palibe lamulo loloweza limene lingamuthandize mwana pamenepo, koma kufunsa kuti kodi mawu akuti "onse" kapena "wokhawo" agwira chinthu chiti.

Chovuta koposa zonse, mwa kuona kwanga, ndi mawu akuti "chifukwa". Ndinamupatsa mwana uja chiganizo ichi: ku Salima kumatentha kuposa ku Dedza chifukwa Salima ili pafupi ndi nyanja. Anachidula pakati monga ndinamuphunzitsira. Ku Salima kumatentha kuposa ku Dedza, zoona, aliyense amene anakwerako basi ya ku Dedza mwezi wa Juni atavala malaya okha akudziwa. Salima ili pafupi ndi nyanja, zoona. Anamwetulira kuti ndiye chonse ndi choona. Koma chiganizo chokhala ndi "chifukwa" chili ndi mbali zitatu, osati ziwiri, ndipo yachitatu ndi mfundo yomanga ziwirizo. Kodi chimene chikutenthetsa Salima ndi nyanja?

Salima ili pamtunda wa mamita pafupifupi 500 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pamene tauni ya Dedza ili pafupifupi mamita 1,600. Munthu akamakwera, mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 aliwonse. Kusiyana kwa mamita 1,100 kukupereka madigiri pafupifupi 7, ndipo n'kumene timakumva pakhungu. Njira yoyesera chifukwa ndi kufunafuna malo amene ali ndi chimodzi koma alibe chinacho. Ku Nsanje kuli kutali ndi nyanja ya Malawi, koma kumatentha kuposa kuno, pakuti ndi kotsika kwambiri. Ku Livingstonia munthu amaiona nyanja ili pansi pomwepo, koma kumazizirirako chifukwa ndi pamwamba pa phiri. Ndiye chotenthetsa ndi kutsika kwa malo. Nyanjayo imangopezeka limodzi ndi kutenthako chifukwa nayo ili m'chigwa. Yankho ndi zonama.

Mwanayo sanavomere msanga, ndipo ndinakondwera kuti sanatero. Anati, "Koma a malume, malo a m'mbali mwa nyanja ndi otsika, ndiye kukhala pafupi ndi nyanja si kukhala kotsika komweko?" Ali ndi mfundo. Munthu wodziwa bwino nkhaniyi akhoza kuima pamenepo n'kukangana nane mpaka dzuwa kulowa. Ndipo zimenezi zikundifikitsa pa ife olemba mafunso, chifukwa si kulakwa konse kumene kuli kwa mwana.

Funso la zoona kapena zonama limafuna chiganizo chimene anthu awiri odziwa phunzirolo sangasiyane pa yankho lake. Ngati angasiyane, funsolo ndi lodwala. Ndaonapo mafunso okhala ndi mawu monga kawirikawiri, ambiri, aakulu, posachedwa, popanda muyeso uliwonse. Anthu ambiri a ku Salima ndi asodzi. Ambiri ndiye angati? Ngati tikutanthauza kuti asodzi alipo ochuluka, ndi zoona. Ngati tikutanthauza oposa theka la anthu onse a m'boma lino, ndi nkhani ina, pakuti kuli alimi a chimanga, thonje ndi mpunga amene sanagwirepo nkhafi. Chingerezi chili ndi mawu awiri osiyana pa matanthauzo awiriwa, koma mwana wathu akamamasulira m'mutu onse amasanduka "ambiri", ndipo amagwa pa chinenero, osati pa phunziro. Chimodzimodzinso mafunso okana kawiri, monga lakuti si zoona kuti kulibe ng'ona mumtsinje wa Bua. Ife tikafunsidwa kuti "Sunadye?" timayankha kuti "Inde" kutanthauza kuti sitinadye, ndiye kumuunjikira mwana "si" ndi "kulibe" m'chiganizo chimodzi n'kumuyesa zina, osati zimene tinamuphunzitsa. Mwana akakumana nalo alitembenuze likhale lolunjika, mu Bua muli ng'ona, kenako ayankhe. Koma mphunzitsi asalilembe n'komwe.

Ine ndimalemba mfundo imodzi pachiganizo chimodzi, ndipo ndikaika msampha ndimauika pa chinthu chimene ndinaphunzitsa, monga kusiyana kwa 1964 ndi 1966, osati pa kamawu kobisika kongofuna kugwetsa mwana. Chinanso, ndinasiya kulandira yankho la liwu limodzi. Pamafunso 20, mwana amene sanatsegule kope n'komwe akhoza kukhoza pafupifupi 10 pongolota, chifukwa mayankho ndi awiri okha. Ndiye ndimawauza kuti ukalemba zonama, dula mzere pansi pa mawu amene anamawo ndipo ulembe oyenera. Kuchonga kumanditengera nthawi yaitali, nthawi zina mpaka nyali kutha moto, koma ndimadziwa amene wamva ndi amene wangolota. Ndipo mwana akanditsutsa ndi mfundo yomveka, monga anachitira wa mlongo wangayu, funsolo ndimalichotsa pa malikisi a kalasi yonse.

Asanapite ndinamupatsa lina loti akaganizire kunyumba: nyanja ya Malawi imakhudza maiko awiri okha, Malawi ndi Mozambiki. Anawerenga kawiri, chala chili pansi pa "okha". Kenako anafunsa ngati angabwereke mapu anga akale aja ali pakhoma, ndipo anawatsitsa yekha n'kuyamba kutsata gombe ndi pensulo kulowera kumpoto, kudutsa Nkhotakota, Nkhata Bay, Karonga, mpaka pensulo inakaima pa Tanzania.