Musanafunse dzina la nyimbo, yambani mwaigwira ndi do re mi

Mphwanga amene akuphunzira gitala ya besi ananditumizira uthenga usiku wina: "Malume, kodi nyimbo ija imayamba kuti dum dum dum dum dum dum dum dzina lake ndi chiyani? Ndikufuna ndiiphunzire." Ndinawerenga kawiri osatolapo kanthu. Dum alibe kukwera, alibe kutsika. Nyimbo zikwizikwi zikhoza kukwana m'madum amenewo.

Maganizo anga ndi awa: woyimba amene kachidutswa ka besi kakumuzungulira m'mutu asayambe ndi kusaka dzina. Ayambe wakagwira kachidutswako ndi pakamwa, akalembe, dzina lidzabwera pambuyo. Ndipo ife amene tinakulira m'kwaya chida chake tili nacho kale, ndi do re mi yemweyo amene tinkaphunzitsidwa kutchalitchi.

Ndinamuuza kuti ajambule mawu ake akung'ung'udza kachidutswako katatu, pang'onopang'ono, akuwomba m'manja. Nditamvetsera, funso langa loyamba linali lakuti mawu amene nyimboyo imapumirapo, kwawo kwake, ndi ati. Tinapeza kuti si do koma la, n'chifukwa chake imamveka yolemera ngati yaukali. Titatsata limodzilimodzi zinatuluka motere: la, la, do, la, so, fa, mi. Imakwera kamodzi kokha, kenako n'kumatsika mpaka pansi. Ndinamufunsanso kumene anaimva. Akuti pa mpira wa ku Ulaya, anthu m'bwalo lonse akuikuwa popanda mawu enieni chigoli chikalowa. Pamenepo ndinaizindikira. Ndi Seven Nation Army, ya gulu la ku America lotchedwa The White Stripes, yomwe inatuluka mu 2003. Ochemerera timu ya Italy anaifalitsa kwambiri pa mpikisano wa dziko lonse wa 2006.

Tsono chimene chimandisangalatsa pa nyimboyi n'chakuti mphwangayo akanati asake woyimba besi wake, akanataya nthawi. Gululi linali la anthu awiri okha, Jack White pa gitala ndi Meg White pa ng'oma. Chimene khutu limamva ngati besi ndi gitala wamba yodutsitsidwa m'kabokosi kopondera ndi phazi, kamene kamatsitsa mawu kuchoka pa do wapamwamba kufika pa do wapansi pake. Khutu limanamiza pa nkhani ya chida, koma pa kukwera ndi kutsika kwa mawu silinama kawirikawiri.

Ena amati foni ilipo, vuto n'chiyani? Shazam, pulogalamu ya pafoni yozindikira nyimbo, imafuna kumva nyimbo yeniyeniyo ikulira, kung'ung'udza kwanu siikudziwa. Google inayamba kulola kusaka mong'ung'udza mu 2020, ndipo pa nyimbo yotchuka ngati iyi ikhoza kukuthandizani. Koma ine ndikaiyesa ndi besi ya nyimbo zimene kamvekedwe kake kali pa woyimba ndi pakamwa, nthawi zambiri imandipatsa zina. Ngakhale itakuuzani dzina, zala zanu zimakhala zisanadziwe kanthu.

Ife tinali ndi la, la, do, la, so, fa, mi m'manja, ndiye kuika pa besi kunali kwa mphindi zochepa. Nyimboyi la wake ndi E. Zonse zimatheka pa nsambo imodzi, ya A, yachiwiri kuchokera ku yonenepa kwambiri ija. Mafureti ake, timipata todinapo chala pa khosi la gitala, ndi 7, 7, 10, 7, 5, 3, 2, kutanthauza E, E, G, E, D, C, B.

Mphwanga analakwitsa pawiri, ndipo ambiri amagwa pomwepo. Koyamba ankaponda 11 m'malo mwa 10. Fureti imodzi yokhayo inachotsa ukali wonse, nyimbo n'kumamveka yansangala ngati ya paukwati. Mukamva kuti yayamba kumwetulira, dziwani kuti chala chapitirira. Kachiwiri ankapatsa mawu onse asanu ndi awiri utali wofanana, ngati akuwerenga ndalama. Ayi. Kachidutswaka kamatenga kuwomba m'manja kasanu ndi katatu. La woyamba amakhalitsa kuwomba kumodzi ndi theka, wachiwiri ndi wachidule, do, la, so amagawana kuwomba kuwiri, kenako fa ndi mi amatenga kuwiri aliyense. Ndinamuuza aike besi pansi, awombe m'manja akuyimba mpaka fa ndi mi azigwera pamalo pake, ndiyeno aitolenso.

Dzulo wanditumizira china chimene anamva m'minibasi, cha rege. Ulendo uno sanalembe madum. Walemba do, do, so, la, so, wanenanso kuti pakuwomba koyamba besi imakhala chete. Dzina sitinalipeze, ndipo pa rege besi imodzi imatha kunyamula nyimbo zambiri za oyimba osiyanasiyana, ndiye tikhala tikusakabe. Koma iye akuiyimba kale pa nsambo ya E.