Makolo, za manambala 6 a WhatsApp aja mwawachenjeza ana anu?

Makolo anzanga a ku Kamuzu Road, Senga Bay mpaka ku Chipoka, chizolowezi ichi chandikwana. Mwana akangoti "amayi, ndibwerekeni foni", mumapereka osamufunsa n'komwe kuti akukachita nayo chiyani. Zikavuta mumayamba kumukalipira, chikhalirecho simunamuphunzitsepo kanthu.

Akuba a pa WhatsApp amachita chonchi. Mwana wa Fomu 1 akusewera Free Fire pa foni ya mayi ake. Pa Facebook akuona wina walemba kuti akugawa madayamondi aulere ogulira zinthu mu gemuyo, kapena bandulo yaulere, kwa anthu oyambirira okha. Mwana akulemba kuti "ndikufuna". Munthu uja akumupempha nambala ya foni, kenako akuti: "Pabwera meseji ya manambala 6, unditumizire msanga mphatso isanathe."

Meseji ija imabweradi, ndipo mwana amakhulupirira pomwepo. Koma siichokera ku gemu ayi. Wakubayo walemba nambala yanu pa WhatsApp ya m'foni yake, ndiye WhatsApp yatumiza manambalawo kuti itsimikize ngati mwini nambala ndi yemweyo. Mwana akangowatumiza, WhatsApp yanu imatseka kwanu n'kutseguka kwa wakuba. Ali ngati munthu amene mwamupatsa nokha kiyi wa nyumba. Posakhalitsa a m'gulu la kumpingo ndi la banki m'khonde ayamba kulandira uthenga m'dzina lanu: "Ndili kuchipatala, nditumizireni K20,000 pa nambala iyi, yangayi yavuta." Amatumiza chifukwa amakukhulupirirani, ndipo zimenezi ndiye zimandiwawa kwambiri.

Khalani naye pansi mwanayo lero. Mutsegulireni meseji yotero, muwerenge limodzi. Imanena yokha kuti manambalawo asapatsidwe kwa wina aliyense. Muuzeni kuti wopereka mphatso zenizeni safuna manambala obwera pa meseji, safuna PIN ya Airtel Money kapena Mpamba, ndipo sakuuza kuti uyambe walipira. Akamakufulumizitsa, kapena kukuuza kuti usauze makolo, ameneyo ndi wakuba basi. Ndipo inu amene mumatuma mwana kwa ejenti mutamuuza PIN, lekani.

Kenako lowani pa WhatsApp, pitani pa Settings, Account, Two-step verification, muike PIN yanuyanu ya manambala 6. Wakuba akapeza manambala a pa meseji amakakanika pamenepo.

Zikachitika kale, musamumenye mwana, chifukwa mawa adzabisa ndipo wakuba adzapeza nthawi yokwanira yodyera abale anu. Simu ikadali m'manja mwanu, choncho lembetsaninso nambala yanu pa WhatsApp. Manambala atsopano abwera kwa inu, ndipo mukawalowetsa wakubayo amatulutsidwa. Ngati anaikamo PIN yake, mudikira masiku 7. M'masiku amenewo imbirani abale ndi atsogoleri a magulu anu, muwauze ndi pakamwa kuti asatumize ndalama kwa aliyense wolemba m'dzina lanu.